Ndinakaombeza ku Joni ngati ndibwerere ku Mzuzu

Abale anga a ku Mchengautuwa, funso lija mumandifunsa pa foni lakuti ndibwera liti ndakhala ndikulizemba kwa zaka zinayi. Nthawi zonse ndimati chaka chamawa. Mayi a ana anga anasiya n'kufunsa komwe, amangoti "chabwino bambo", kenako n'kuyamba kufotokoza za fizi. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene ndapezera yankho, ngakhale poyambira pake pali pochititsa manyazi pang'ono kwa munthu wopemphera ngati ine.

Mwezi wa Juni, kuno kukuzizira kuposa ku Mzuzu komwe, mnzanga wina wa ku Mzimba amene timakhala naye ku Diepsloot ananditengera kwa sing'anga wachizimayi. Kuno amati sangoma. Ndinalipira R300, ndalama yoposa ya tsiku lathunthu la ntchito yanga. Tinavula nsapato pakhomo, n'kukhala pa mphasa. Mayiwo anatulutsa kathumba ka mafupa a nyama, zigoba za m'nyanja, makobidi ndi timiyala, anandiuza kuti ndiuzire mpweya m'kathumbamo, kenako anakhuthulira pansi. Akanena chinthu, iwe umayenera kuyankha kuti "siyavuma", kutanthauza kuti tikuvomera. Anati kumudzi kuli munthu amene akulira chifukwa cha ine. Ndinavomera mokweza. Anati ndalama zanga sizikhala m'manja. Ndinavomeranso mokweza. Atati pali wachibale amene akundichitira nsanje, mawu anga anatsika, ndipo ndinaona kuti nkhani imeneyo anaisiya msanga n'kubwerera ku ya ndalama. Pomaliza anati njira ya kumudzi ndi yotseguka, koma ndisapite manja ali lende.

Sindikuwanyoza mayiwo. Koma ndili m'takisi pobwerera ndinazindikira kuti amene amaombeza ndinali ine ndemwe, iwo amangotsata pamene mawu anga akwera. Kodi alipo M'malawi kuno amene alibe womulirira kumudzi, kapena amene ndalama zimamukhalira? Komabe mawu akuti manja lende anandikhala pamtima. Usiku womwewo ndinatenga kope n'kuyamba kuwerengera, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibwerereni kuno.

Ine ndimagwira ntchito ya m'galadeni ku Randburg, nyumba zitatu zosiyana, masiku asanu pa sabata. Amandipatsa R250 pa tsiku. Si zoipa kwenikweni, chifukwa malipiro otsikitsitsa amene boma la kuno linaika mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndiye maola asanu ndi atatu ankakwana pafupifupi R230. Mwezi wabwino wa masiku 22 ndimapeza R5,500. Mukamva chiwerengero chimenechi ku Mzuzu n'kuchisintha m'makwacha mumaona ngati ndikusambira m'ndalama. Tamverani kumene zimapita. Lendi ya kachipinda ka malata ndi R1,300. Takisi yopita ndi kubwera ndi R40 pa tsiku, pa mwezi R880. Chakudya R1,200, ndipo ndi nsima ya mapazi a nkhuku, osati zapamwamba. Magetsi ndi mayunitsi a foni R320. Zonse pamodzi R3,700. Zotsala ndi R1,800. Pamenepo R1,200 ndimatumiza pa Mukuru kuti ana adye ndi kupita kusukulu. Ya nyumba ija tikumanga imatsala R600 basi.

Ndipo si mwezi uliwonse. Mu Juni ndi Julaye kapinga samera, ndiye mabwana amadula masiku. Mu Disembala amatseka mageti n'kupita kunyanja masabata atatu, ndipo tsiku limene sunagwire palibe chako. Kunena zoona, miyezi imene R600 ija imatsaladi ndi isanu ndi inayi pa chaka. Ndiye kuti R5,400, ngati sindinadwale, ngati kumudzi sikunagwe maliro, ngati sindinaimitsidwe pamsewu n'kufunsidwa mapepala.

Nyumba yathu inaima pa mawindo chaka chachiwiri tsopano, njerwa zikungomenyedwa ndi mvula ya ku Mzuzu ija yosadziwa kuleka. Ndinapempha mlamu wanga kuti afunse mitengo kwa mmisiri ndi m'mahadiweya a m'tauni: malata 40, matumba a simenti 30, matabwa, misomali, zitseko ndi ntchito ya amisiri. Titasintha m'marandi zinafika cha m'ma R27,000. Gawani ndi R5,400. Zaka zisanu. Ndinayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Chaka chamawa" chimene ndakhala ndikukuuzani chija chinali 2030, mwana wanga woyamba atamaliza kale Fomu 4 ine kulibe.

Pano ndionjezepo chinthu chimene chinandipusitsa kale. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ife kuno tinasangalala chifukwa randi imodzi inayamba kubala makwacha ambiri. Sipanathe nthawi, mtengo wa simenti ndi malata unathamangira komweko. Mu Meyi 2022, itagwa ndi 25 peresenti, zinalinso chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndinasiya kuwerengera m'makwacha. Ndimafunsa kuti R600 yanga ikugula matumba angati a simenti lero, poyerekeza ndi chaka chatha. Ngati matumbawo sakuchuluka, ndiye kuti makwacha ochulukawo ndi mapepala chabe.

Tsopano nkhani ya pasipoti, imene ambiri kumudzi simuidziwa, ndipo ndi imene imasandutsa anthu matchona. M'malawi akalowa ku South Africa amapatsidwa masiku 30 opanda viza, ndipo ndi a ulendo wocheza, osati wa ntchito. Ambiri a ife masikuwo anatithera kalekale. Kuyambira 2014, lamulo la kuno limati ukapitirira masiku ako, potuluka pa boda amakulemba kuti ndiwe wosafunika. Ukapitirira ndi masiku osaposa 30 amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi. Ukaposa masiku 30, ndi zaka zisanu. Ine ndapitirira ndi zaka zinayi, ndiye palibe zokambirana. Tsiku limene basi yanga idzaoloke pa Beitbridge, khomo la Joni lidzanditsekera zaka zisanu.

Choncho kwa munthu ngati ine palibe zoti ndikangoona ana pa Khirisimasi n'kubweranso mu Januwale. Alipo amene amatero kudzera kwa mathiransipota, ena kuoloka mtsinje wa Limpopo usiku, ena kugula zidindo zabodza. Ndawaona ena a iwo akutengedwa kupita ku Lindela, kumene amasungirako anthu oyembekeza kuthamangitsidwa m'dziko, ndipo amafika kumudzi ndi zovala zokhazokha zimene anagwidwa nazo. Ine ndili ndi zaka 41, sindingayambe kuthamangitsana ndi ng'ona. Kubwerera kwanga ndi kwa kamodzi, ndiye funso lenileni silakuti ndikufuna kubwera kapena ayi. Funso ndi lakuti ndikatsika basi pa depoti ya Mzuzu, mmawa wake ndidzadya chiyani.

Pamenepa ndi pamene ndinaona kulakwa kwanga kwakukulu. Zaka zonsezi ndimaika ndalama m'khoma, koma khoma silibala. Agogo athu amene anapita ku Wenela, ulendowo usanaimitsidwe mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown, ankabwera ndi njinga, makina osokera ndi ndalama yogulira ng'ombe, zinthu zoti ziwadyetse. Ife timabwera ndi firiji ndi wailesi ya zimasipika, pakatha miyezi itatu n'kuyamba kugulitsa chimodzichimodzi pa mtengo wolira. Mukuwadziwa anthu otero ku Chibavi ndi ku Zolozolo, sindikufunika kutchula maina. Ena a iwo anabwera ndi mabasi a boma aja mu 2015 anthu akunja atayamba kumenyedwa kuno, ndipo chaka chisanathe anali atabwereranso ku Joni konkuno, chifukwa kumudzi kunalibe choti agwire.

Ndiye ndasintha pulani. Nyumba yonse ndaileka kaye. Mmisiri wandiuza kuti n'zotheka kukweza ndi kufolera zipinda ziwiri zokha, zinazo n'kuphimba pamwamba pa khoma kuti njerwa zisasungunuke, ndipo zimenezo tidzachita ndili komweko, ndikuona ndi maso anga thumba lililonse likutsegulidwa. Chimene ndikusungira tsopano ndi njinga yamoto ya kabaza. Ndisanabwere kuno ndinapalasa sakaramento zaka zitatu pakati pa msika waukulu ndi Chiputula, ndiye misewu ndi makasitomala ndikuzidziwa. Njingayo ndidzayendetsa ndekha. Mlamu wanga anapatsa mnyamata yake kuti azimubweretsera ndalama madzulo aliwonse, koma masiku amene njinga ili kwa makaniko palibe cholowa, ndipo wokonzetsa ndi mwini wake yemweyo. Za kugula njinga ndili kuno kuti wina aziyendetsa, zimenezo ayi.

Njinga, mapepala ake, laisensi, chipewa, tikiti ya basi kudzera ku Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kwathu, ndi chakudya cha miyezi itatu yoyamba, ndawerengera R22,000. Chakudya cha miyezi itatucho musachione chochepa, ndi chimene chimachititsa munthu kugulitsa njinga isanayambe n'kubweza komwe. Panopa ndili ndi R9,000 imene ndinasunga. Ikusowa R13,000. Ndapeza ganyu ya Loweruka pa nyumba ina, R250 pa tsiku, pa mwezi R1,000. Kuphatikiza ndi R600 ija imene sindikutumizanso ku simenti, ndi R1,600. Pa miyezi isanu ndi inayi yabwino ija zikukwana R14,400. Ndalamazi ndikuzisunga m'marandi mpaka sabata yonyamuka, pa chifukwa chimene ndafotokoza kale chija.

Mnzanga wa ku Mzimba uja anachitanso masamu ake pa kope lomwelo, ndipo iye zinamutulukira zina. Ndi wowotcherera zitsulo, amatsala ndi ndalama zoposa zanga katatu, alibe mwana wa ku sekondale, ndipo makina ake owotcherera awagula miyezi ingapo ikubwerayi. Iye kukhala zaka zina ziwiri kuli ndi phindu looneka. Ine kukhala kupitirira njinga ija ndi kungosinthanitsa zaka za ana anga ndi R600.

Mayi a ana ndinawauza Lamlungu lapitali, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatchula mwezi: Disembala wa chaka chamawa, mabwana akangotseka mageti. Anakhala chete kaye, kenako anandifunsa ngati ndalemba penapake. Ndinati ndalemba. Anati ndijambule tsambalo ndiwatumizire pa foni, ndipo mwezi uliwonse ndizitumizanso chithunzi cha ndalama imene yafikapo. Achimwene, inu amene mumandiimbira za chopereka cha ukwati wa msuweni wathu, tsamba lomwelo ndikutumizirani nanunso, muone nokha pamene ndingachotse.