Washington Accord ndi IPEA, iti imakufupikitsira njira ukafuna kukagwira uinjiniya kunja?

Anthu ambiri amaziphatikiza ziwirizi ngati n'chinthu chimodzi, pomwe imodzi imayang'ana pepala la kusukulu, inayo imayang'ana iweyo ndi ntchito yomwe wagwira.

Washington Accord ndi mgwirizano womwe unasainidwa mu 1989 ndi mabungwe ovomereza maphunziro a uinjiniya a mayiko 6, a ECSA, bungwe la mainjiniya la ku Joni, analowa mu 1999. Nkhani yake ndi ya digiri basi. Ngati pulogalamu yomwe unaphunzira inavomerezedwa ndi ECSA, a ku UK kapena ku Australia sayambanso kufufuza kuti masamu unafika nawo pati, amangoilandira. Koma chenjerani apa, chovomerezedwa ndi pulogalamu, osati yunivesite yonse, ndiye fufuzani pa mndandanda wa ECSA dzina la kosi yanu ndi chaka chomwe munamaliza. Pasipoti ilibe ntchito, Mmalawi yemwe anachita sivo ku Wits walowa kale, pomwe mnzake wa ku Poly, MUBAS ya panoyi, sanalowe chifukwa Malawi sali mu mgwirizanowu. Ndipo zoti ndikachite masitazi ku Joni kuti ndilowe nawo, ayi ndithu, Accord imayang'ana digiri yoyamba. Wa ku Poly uja digiri yake amaiunika payokha, matiransikiripiti, silabasi, kudikira, ndalama.

IPEA ndi mgwirizano wina wa mabungwe a mainjiniya, wa akuluakulu pantchito. Amafuna ukhale wolembetsedwa kale ngati injiniya ku bungwe lomwe lili mu mgwirizanowu, zaka 7 ukugwira ntchito chimalizireni sukulu, ndipo 2 mwa zimenezo ukhale kuti unkatsogolera ntchito yaikulu, ya kuti zikalakwika ofunsidwa ndi iwe. Ukadutsa umalowa mu kaundula wa IntPE, wa mainjiniya odziwika m'mayiko a mgwirizanowu.

Titenge mtsikana yemwe anamaliza pulogalamu yovomerezeka ku Joni mu 2015, n'kupeza Pr Eng, udindo wa injiniya wolembetsedwa ndi ECSA, mu 2019, pano akufuna CEng, udindo wofanana nawo wa ku UK. Akadanyamuka mu 2017, Accord ikadangomuchotsera gawo la maphunziro, zina zonse zikadali pompo, malipoti osonyeza luso lake malinga ndi UK-SPEC, muyeso wa mainjiniya wa ku UK, komanso intavyu. Kuyambira 2022 zaka 7 zakwana, atha kupempha IntPE, ndipo a ku UK sayenera kumuyambitsa pachiyambi, amachepetsa zomuunika. Pomwe ambiri amagwa ndi pa zaka 2 zija, munthu wakhala pa saiti zaka zambirimbiri koma zojambula zonse ankasaina ndi bwana, umboni woti anagamula yekha kanthu palibe.

Ine ndimaona kuti Accord ndiyo imagwira ntchito mosavuta, dzina la kosi lilipo kapena palibe, yatha. IPEA imadalira bungwe lomwe ukupitalo kuti likuchotsera zingati, ndipo layisensi sapereka pompopompo, viza ndiye musatchule n'komwe. Ngati zaka 7 sizinakwane musadikirire IntPE, pitani ndi Accord, luso mukasonyezere konko.