Sola kapena zamtengatenga, ntchito ili kuti kwenikweni?

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti pakati pa sola ndi zamtengatenga alowere kuti, ndiye ndingoyankha kamodzi. Konseku ndinagwirako ndipo kwinako ndinapsa.

Choyamba kuchuluka kwa zotsatsa ntchito kusakupusitseni. Kampani yonyamula katundu imene mwezi ndi mwezi ikufuna madalaivala ndi opakira, nthawi zambiri sikuti ikukula ayi, anthu ndi amene akuthawa. Yomwe ikukuladi mumaionera pomwe yatsegula depoti yatsopano n'kuyamba kufuna kalaliki wa sitoko, woyendetsa fokolifiti ndi wokonza ndandanda ya maulendo a magalimoto, awa salembedwa pongotseka mpata. Kulowako n'kosavuta koma kontrakiti muiwerenge, kwina katundu akasowa kapena kusweka amakudulani pa malipiro.

Ku sola ndi komwe ndinapsa. Ndinalipira kosi ya masabata awiri pa kasukulu kena, amvekere mukangomaliza makampani azikulimbiranani. Zomwe tinaphunzira ndi kumanga mapanelo padenga basi. Pa intavyu yoyamba bwana sanayang'ane n'komwe satifiketi yanga, anangondipatsa pepala ndi cholembera. Akuti nyumba ina zipangizo zake zimadya mawati 200 kwa maola 6 patsiku, dzuwa lamphamvu limawala maola 5, pakufunika mapanelo a mawati angati? Ine kakasi. Chonsecho ndi masamu a mwana, 200 kuchulukitsa ndi 6 ndi 1200, kugawa ndi 5 ndi 240, ndiye poti mphamvu ina imatayika mu mawaya, mu batire ndi mu invetala, chipangizo chosintha mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, tinene gawo limodzi mwa magawo anayi, mumagawanso ndi 0.75 n'kupeza 320. Kusukulu kuja palibe anatchulako zimenezi, mpaka lero zimandiwawa.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti sola ikukula inde, koma si aliyense akukula nayo. Okwera padenga amatengedwa ngati aganyu, pulojekiti ikatha nawonso atha. Amene makampani amawasunga ndi wodziwa kuwerengera kukula kwa sisitimu, wamagetsi wokhala ndi chiphaso chomulola kulumikiza invetala ku mawaya a nyumba, komanso wokonza zikawonongeka, poti mabatire amatopa ndipo kasitomala amaimba foni. Ogulitsa amafunidwanso kwambiri koma ambiri ndi a komishoni. Ndiye mukaona kampani ikufuna anthu oyendera ndi kukonza zomwe inaika kale, dziwani kuti ili ndi makasitomala enieni, osati pulojekiti imodzi yokha.

Ngati mukufuna ntchito mwezi uno ndipo laisensi yoyendetsera galimoto muli nayo, pitani ku zamtengatenga, koma maso akhale pa sitoko kapena ndandanda, chiwongolero chimatopetsa. Ngati mungapirire kuphunzira zamagetsi mpaka chiphaso chenicheni, ine ndingasankhebe sola ngakhale inandidyera ndalama. Koma musanalipire kosi iliyonse, mufunse mphunzitsiyo funso la mawati 200 lija muone ngati ayankhe.