Kasitudiyo ka pa Kamuzu Road komwe kanandisokera mawu a agogo: nyenyezi 4 mwa 5

Agogo anga aamuna akhala akupha nsomba ku Senga Bay kuyambira ali mnyamata. Mu Juni ndinawajambula mawu pa foni masiku awiri, titakhala pakhonde pawo, akufotokoza za chilimira, za nyali zokopera usipa usiku, ndi momwe amadziwira kuti mwera wayandikira. Zonse zinakwana mphindi 70, koma ine ndinkafuna zitsale 20 zoti ndigawire abale. Ndinayamba kudula ndekha pa laputopu ndi pulogalamu ya Audacity. Ndinachotsa kutsokomola, mafunso anga ndi pomwe agogo ankabwereza, ndipo pomwe ndinkafuna kuti apumire ndinkaikapo bata la `Generate > Silence`. Nditamvetsera ndinagwira pakamwa. Pamalo aliwonse omwe ndinadula, nyanja yomwe inkamveka kumbuyo inkazima mwadzidzidzi ngati magetsi athima, kenako n'kuyakanso, ndipo pena pankamveka kakuti "thi". Ndi mmene ndinapezekera pa kasitudiyo kena pa Kamuzu Road, ka mnyamata yemwe amajambula makwaya ndi mauthenga a malonda.

Funso lake loyamba linali lakuti, "Amayi, munajambulako pakhondepo aliyense ali chete?" Ndinaseka, chifukwa ndinkaona ngati kujambula chete n'kutaya malo mu foni. Iye anati chimenecho ndi chomwe amachitcha rumu toni: kaphokoso ka malo pomwe palibe wolankhula. Pakhonde pa agogo ndi mafunde akutali, masamba a mtengo wa mango, ndi kakusiii ka maikolofoni ya foniyo. Khutu limakazolowera mpaka kukaiwala, koma kakangosowa limadzidzimuka. Anandionetsa pa mita ya pulogalamuyo: agogo akapumira okha, mita inkatsikira cha pa -45 dB n'kumagwederabe pomwepo, koma ikafika pa bata langa lija inkagweratu pansi. Sindinaike chete ayi. Ndinakumba dzenje.

Akanakhala ndi masekondi 60 a rumu toni, ntchito ikanakhala yopepuka. Popeza panalibe, anachita kutolera. Anamvetsera mphindi 70 zonse kufunafuna pomwe agogo ankaganiza kaye asanayankhe. Zambiri zinali zidutswa za sekondi imodzi kapena awiri. Chachitali chinali cha masekondi 6, pomwe agogo ankamwa tiyi. Zidutswa zokhala ndi mpweya wa munthu kapena kulira kwa mpando anazitaya, zotsalazo n'kuzilumikiza mpaka kukhala kansalu ka masekondi 25. Kameneka ndi komwe ankagambira maenje anga onse, pa mzere wachiwiri pansi pa mawu.

Apa ndinafunsa funso lomwe ndikuganiza kuti aliyense angafunse. Bwanji osangoyala kaphokosoko pansi pa nkhani yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, basi zatha? Anati ayi, chifukwa pansi pa mawu a agogo kaphokosoko kalipo kale. Mukayalanso kena, pomwe akulankhula kamakhala kawiri, pa dzenje kamodzi, ndipo kusiyanako ndi pafupifupi 3 dB. Dzenje limangosanduka chigwa, koma limamvekabe. Choncho chigamba chimaikidwa pa dzenje penipeni, n'kulowerera pang'ono m'mphepete zonse ziwiri, uku chikukwera pomwe mawu akuzirala, uko chikuzirala pomwe mawu akubwerera. Kuziralako ndi komwe amati fedi, ndipo china chikamatsika pomwe chinzake chikukwera amati kolosifedi.

Za kakuti "thi" anathana nazo msanga. Mawu pa sikirini ndi mzere wokwera ndi kutsika, ndipo mukadula uli pamwamba n'kulumikiza ndi wina uli pansi, sipika imadumpha, ndiye "thi" uja. Akasankha podula ankadina batani la `Z`, lomwe mu Audacity limasunthira m'mphepete pomwe mzerewo ukudutsa pakati, kenako n'kuika kolosifedi yaifupi kwambiri, ya mamilisekondi 10 kapena 20, ndi `Crossfade Clips`. Fedi yotere khutu siliimva ngati kuzirala, imangochotsa msonga.

Chomwe ndinamuyamikira kwambiri n'choti amamva Chichewa ndi khutu, osati ndi maso. Mawu athu ambiri amayamba ndi kakung'ung'udza kofewa, monga "ndiye", "mbedza", "ngalawa". Ka "m" kapena "n" koyambako n'kotsika moti pa sikirini kamaoneka ngati palibe kanthu, ndipo ine ndinkadula pomwe mzere wayamba kutupa. Zotsatira zake, agogo ankamveka akuti "bedza", "diye". Fedi ikatalika imachitanso zomwezo, imadya chiyambi cha liwu. Iye ankabweza m'mphepetemo m'mbuyo mpaka kang'ung'udzo kabwerere, ndipo nthawi zambiri ankadula mpweya wa agogo usanayambe, kuti chiganizo chatsopano chibwere ndi kupuma kwake komwe. Ndinali nditachotsa mipweya yonse poganiza kuti ndi zinyalala. Munthu wa zaka zambiri wolankhula mphindi 20 osapuma samveka ngati munthu.

Mfundo yovuta inali pa mphindi ya 11. Nkhani ya nyali ndinaijambula tsiku loyamba m'mawa nyanja ili bata, koma mathero ake agogo anawafotokoza bwino tsiku lachiwiri masana, mwera utayamba kuomba. Mawu ndi a munthu mmodzi, khonde lomwelo, koma kumbuyo kuli nyanja ziwiri. Apa chigamba cha tsiku loyamba sichikanathandiza. Anatolera kansalu kena ka tsiku la mwera, n'kusiya mpata wa masekondi 4 pakati pa ziganizo ziwirizo, ndipo mu mpatawo nyanja yabata inkazirala pomwe ya mwera inkakwera. Anagwiritsa ntchito `Crossfade Tracks` n'kusankha `Constant Power 1` m'malo mwa `Constant Gain`. Anandimvetsa zonse ziwiri kuti ndisiyanitse: ndi `Constant Gain`, pakati pa mpatawo phokoso linkatsika pang'ono ngati nyanja yameza mate, chifukwa maphokoso awiri osafanana, lililonse litatsitsidwa theka, safikanso pa mphamvu yoyamba. Ndi inayo panalibe kutsika.

Ngakhale zinali choncho, khutu linkamvabe kuti nyengo yasintha popanda chifukwa. Ndiye anapeza, m'zojambula zanga zomwe, pomwe mnyamata wina anagwetsa nkhafi m'bwato chapafupi, "gu-gudu", n'kuikapo pakati penipeni pa mpatawo. Phokoso lalifupi lamphamvu limaphimba zofewa zochitika nthawi yomweyo, komanso limakopera maganizo kwina. Pomwe womvera akuti "chagwa n'chiyani", nyanja yasintha kale. Ndaseweretsa pamenepa kwa anthu angapo, palibe anazindikira kuti ndi masiku awiri.

Tsopano nyenyezi yomwe ndaibweza. Fayilo yoyamba yomwe ananditumizira inali ndi zolakwika ziwiri, ndipo zonse n'zochokera m'kufulumira. Choyamba, mu kansalu ka masekondi 25 kaja munatsalira mbuzi yolira chapatali kwambiri. Pa sipika za mu situdiyo sinkamveka, koma ndi mahedifoni ndinaimva kasanu, kulira kofanana ndendende, pa maenje osiyanasiyana. Mukangoizindikira kamodzi, mumayamba kuidikira, nkhani ya agogo n'kukudutsani. Chigamba chimayenera kukhala chopanda chizindikiro chilichonse, ndipo ngati n'chachifupi, wokonza amayenera kumatenga mbali zosiyana, osangomata chomwecho paliponse.

Chachiwiri chinandipweteka kuposa. Poyambira ndi pomalizira anaikapo mafunde otsitsa pa intaneti osandifunsa. Anali okoma, inde, koma anali a nyanja yamchere: funde limodzi lalitali lobangula, kenako kukoka kwa nthawi. Mafunde a ku Senga Bay ndi afupiafupi, amamenya mchenga motsatizana. Komanso otsitsawo ankamveka mosiyana m'makutu awiri, motambasuka, pomwe zojambula zanga zinali za maikolofoni imodzi, zapakati. Mawu a agogo akalowa, dziko lonse linkapanikizika mwadzidzidzi. Nditawaseweretsera agogo fayiloyo, sanadikire n'komwe kuti mawu awo ayambe.

"Iwe, nyanja imeneyi waitenga kuti? Si yathu iyi."

Ndinabwerera ku situdiyo n'kunena kuti, "Achimwene, mwini nyanja wakana." Sanatsutse. Anandituma kuti ndikajambule ndekha: foni yomweyo, pulogalamu yojambulira yomweyo, pakhonde pomwepo, foni itayang'ana komwe inayang'ana poyamba, nthawi ya m'mawa, mphindi 2 aliyense ali duu. Anandichenjeza kuti ndisatumize pa WhatsApp ngati uthenga wa mawu, chifukwa umapanikizidwa ndipo kaphokoso kofewa ndi komwe kamasintha msanga. Ndinapita nayo pa fulashi. Kukhazika chete ana a pamudzi mphindi 2 kunandivuta kuposa kujambula agogo masiku awiri. Zatsopanozi sizinafanane ndendende ndi za mu Juni, popeza nyanja siibwereza, koma poyambira ndi pomalizira zinakwana bwino, ndipo mbuzi anaichotsa. Sanandilipiritsenso, koma ulendo wowonjezera wa ku Senga Bay ndi sabata yodikira zinali zanga. Anandipatsanso MP3 yokha mpaka nditapempha WAV, yomwe ndi yofunika ngati ndidzafune kukonzanso.

Amene mungapite kumeneko kapena kwina kulikonse, polandira ntchito musamvetsere mawu. Valani mahedifoni, kwezani voliyumu, tsinzinani, ndipo tcherani khutu ku zomwe zili kumbuyo kwa wolankhulayo. Zikadumpha, zikatsika kapena zikabwereza, lembani mphindi yake. Ine ndinapeza mbuzi ija mwa njira imeneyi, ndipo pa sipika ya foni sindikanaimva.

Pali malo amodzi omwe anandiuziratu kuti sangawabise. Pa mphindi ya 14, boti la injini linkadutsa agogo akulankhula, ndipo ine ndinkafuna kuchotsa ziganizo ziwiri pakati. Injini ikamayandikira n'kumapitirira, kulira kwake kumakwera n'kutsika, ndiye mukadula pakati, botilo limadumpha kuchoka kutali kufika pafupi m'kuphethira kwa diso. Chigamba chimatseka dzenje, koma sichichotsa zomwe zili pansi pa mawu enieniwo. Anati ndisankhe: kutaya ndime yonse kapena kuisiya yonse. Ndinaisiya yonse, pamodzi ndi pomwe agogo anasiya nkhani n'kuyamba kudandaula za mtengo wa petulo, ndipo nkhani yanga ya mphindi 20 inatuluka ya mphindi 21.