Msana wa kutopa ndi msana wothamangira nawo kuchipatala

Amene amatchova njinga ya kabaza m'zitunda za ku Mzuzu amaudziwa msana wa kutopa. Umawawa m'chiuno mukawerama kapena kunyamula thumba la chimanga, n'kupepukako mukasintha kagonedwe. Miyendo imakhalabe ndi mphamvu, ndipo mkodzo mumataya bwinobwino. Umenewu umafuna mankhwala ochepetsa ululu ndi kuyendayenda pang'ono, osati kugona tsiku lonse, ndipo kawirikawiri umachepa pasanathe masabata 6.

Winawu ndi woopsa, ngakhale ululu utakhala wochepa. Mitsempha ya kumunsi kwa msana, yomwe imalamula miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo, imakhala yapanikizika. Mwendo umafooka, phazi n'kumakwekwereza pansi. Malo onse okhudza chishalo cha njinga amachita dzanzi, moti popukuta kuchimbudzi simumva kukhudzako. Mkodzo umakana kutuluka, kapena umangotuluka inu osazindikira.

Chimandipweteka n'chakuti ambiri amabisa zimenezi chifukwa cha manyazi, n'kumadikira kuti kuche. Pitani ku Mzuzu Central Hospital nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mukanene mosabisa kuti kumaliseche kwachita dzanzi, chifukwa mitsempha ikapanikizika nthawi yaitali mwina siibwereranso.