Kiyi Wasowa: Kudulitsa Wina Kapena Kusintha Loko?

"Pepani a landilodi, kiyi wa chitseko chakumaso wandisowa. Kodi mundidulitsire wina kapena tisinthe loko? Nanga alipire ndani?"

Yankho lagona pa mmene kiyiyo wasowera. Ngati wagwera m'chimbudzi chokumba kapena mumtsinje, palibe angamutole. Kudulitsa wina n'kokwanira: a landilodi atulutse wa sipeya, wodula makiyi akopere, basi. Muyesereni pachitseko tsiku lomwelo, chifukwa kiyi wokopera nthawi zina amakana kutembenuka.

Koma ngati wapita ndi chikwama chobedwa chomwe munali kalata yolembedwa adiresi, kudulitsa sikuthandiza chilichonse, pakuti kiyi wakaleyo akutsegulabe. Apa mposintha loko. Ndalama zake n'zochulukirapo, komabe pa maloko ambiri mmisiri amangochotsa kachitsulo kolowetsamo kiyi n'kuika katsopano, zogwirira n'kutsala zomwezo.

Wolipira amakhala wotaya kiyiyo, pokhapokha pangano la lendi litanena zina. Loko wotha ndi ukalamba ndiye wa eni nyumba. Ine ndimati wa lendi asasinthe loko mwakachetechete: apemphe kaye chilolezo kwa eni nyumba, ndipo akasintha awapatse a landilodi kiyi mmodzi.