Mazoni a sitima ku London: ndalama zimathera pakati pa mzinda

Abale amene muli kumudzi, wokufunirani ntchito akakuuzani kuti "nyumba ili mu London momwemo, thiransipoti si vuto," mufunseni kuti ili mu zoni iti. Akayamba kuzemba, dziwani kuti malipiro amene mwawerengera kale m'makwacha adzathera pa geti ya sitima.

Mapu a sitima amagawa mzindawu m'mazoni 1 mpaka 9, ozungulirana ngati zigawo za anyezi. Zoni 1 ndi pakati penipeni, ndipo bwalo la ndege la Heathrow lili mu zoni 6. Chimene obwera kumene ambiri sadziwa n'chakuti mtengo sutengera pokwerera ndi potsikira pokha. Zoni iliyonse imene sitima yadutsa imawerengedwa, ngakhale simunatsikemo, ndipo zoni 1 ndiyo imaluma.

Tiyerekeze kuti munthu akukhala ku Walthamstow Central, mu zoni 3, ndipo ntchito ili ku Shepherd's Bush, mu zoni 2. Iye aganiza kuti tikiti ya mazoni 2 ndi 3 yakwana. Koma njira yachangu ndi kukwera sitima ya njanji ya Victoria mpaka Oxford Circus, n'kusintha kukwera ya njanji ya Central, ndipo Oxford Circus ili mu zoni 1. Pa mitengo ya mu Malichi 2025, tikiti ya masiku 7 ya mazoni 2 ndi 3 inali mapaundi 33.50, pamene ya mazoni 1 mpaka 3 inali mapaundi 52.50. Mapaundi 19 sabata iliyonse, chifukwa cha malo amene mwangowadutsa pansi pa nthaka!

Njira yozemba ilipo. Tsikani pa Highbury & Islington, mu zoni 2, mukwere sitima ya pamwamba yopita ku Clapham Junction, yodzera ku Willesden Junction, mukatsike pa Shepherd's Bush. Imachedwerapo, koma siponda zoni 1. Apa pali msampha wina. Makina saona njira imene mwadzera, amangoona pamene mwalowera ndi pamene mwatulukira. Choncho posintha sitima muyenera kugunditsa khadi yanu yolipirira ulendo pa kamakina kapinki kamene kali pasiteshonipo. Achikasu ndi olowera ndi otulukira, apinki ndi umboni woti mwalambalala pakati. Mukaiwala, makina akhoza kukulipiritsani ngati mwadzera mu zoni 1.

Musaganizenso kuti sitima ya pamwamba nthawi zonse imazemba pakati. Kuchokera ku Dalston Junction kupita ku Canada Water, masiteshoni onse awiri ali mu zoni 2, koma pakati pake pali Shoreditch High Street imene ili mu zoni 1. Tsatani njanji ndi chala pamapu, siteshoni ndi siteshoni, musanagule tikiti. Mwayi wake, masiteshoni ena ali pamalire ndipo amawerengedwa mbali imene ikutchipirani: Stratford ndi 2 kapena 3, Vauxhall ndi Earl's Court ndi 1 kapena 2.

Mukapyola mazoni a tikiti yanu ya sabata, ndalama yowonjezera imachotsedwa pa zimene zili m'khadi. Ngati munalibemo kanthu, khadi imalowa m'ngongole, ndipo m'mawa geti imakana kutseguka mpaka mutaikamo ndalama, tikiti ikadali yamoyo. Kuiwala kugunditsa potuluka, makamaka pamasiteshoni opanda geti, kumabweretsa mtengo wapamwamba kwambiri. Chimodzimodzi kulowa ndi foni n'kutuluka ndi khadi ya kubanki: akaunti ndi imodzi, koma makina amaona anthu awiri, aliyense ulendo wosamaliza. Ndipo wogwidwa ndi tikiti yosakwana amalipitsidwa mapaundi 100, kapena 50 akalipira pasanathe masiku 21. Zoti ndinu mlendo sizimveka.

Nthawi nayonso ili ndi mtengo wake kwa olipira ulendo uliwonse paokha. Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4:00 mpaka 7:00 madzulo, mtengo umakwera, ndipo imawerengedwa ndi nthawi imene mwagunditsa polowa.

Basi ndiyo ilibe mazoni. Mu 2025 ulendo unali mapaundi 1.75 kulikonse, kusintha basi pasanathe ola limodzi kunali kwaulere, ndipo tikiti ya sabata ya mazoni alionse imagwira ntchito m'mabasi a mzinda wonse. Ndiye wa tikiti ya 2 ndi 3 akafuna kulowa pakati, atsike asanafike zoni 1, amalize ndi basi.

Amene angakuuzeni zoona si wokutumizirani zithunzi za nyumba uja, koma wantchito woima pa geti. Mutchulireni siteshoni yokwerera, yotsikira ndi ola loyambira ntchito, mufunse ngati pali njira yosadzera mu zoni 1 ndiponso pamene pali kamakina kapinki. Chitani zimenezi musanasaine za lendi.