Fizi pa foni kapena pa mzere wa ku banki? Zimene ndinaona pa Lizulu

Anzanga a chaka choyamba ku yunivesite akhala akundifunsa njira yabwino yolipirira fizi, ndiye ndiyankhe kamodzi. Njira ndayesa zitatu: kukaima ku banki ndi ndalama m'manja, kutumiza kuchokera pa akaunti ya ku banki ya pa foni, ndi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Yachitatuyi ndi imene inanditulutsa thukuta, koma kampani yake sinditchula.

Linali tsiku la msika pa Lizulu. Amayi anali atagulitsa mbatatesi, n'kundipatsa K150,000 yokulunga m'kansalu kuti ndilipireko gawo loyamba. Kupita ku banki pa boma la Ntcheu kunafuna ya minibasi, ndiye ndinati ndingomalizira pa ejenti. Kuika ndalama mu foni kunayenda bwino, ndipo poika sadula kanthu. Cholakwa changa chinali kuyamba kulipira nditaima pomwepo pa kawindo, kumbuyo kwanga kuli anthu a tomato ndi kabichi ofuna kutapa zawo.

Ndinasankha zotumiza ku banki, ndikuwerenga nambala ya akaunti ya sukulu pa kapepala. Ndili mkati, menyu inatsekeka. Timenyu ta *211# ndi *444# sitidikira munthu wochedwa kulemba, ndipo pa Lizulu, poti msewu wa M1 ndiwo malire, foni yanga imakonda kuthawira ku netiweki ya ku Mozambique. Ndinayambiranso. Ulendo wachiwiri ndinafika mpaka pa PIN, uthenga n'kubwera woti ndalama sizikukwana. Sizikukwana bwanji, ndangoika kumene?

Apa m'pamene pali mbola. Ndalama yolipirira kutumizako saichotsa pa zimene ukutumizazo ayi, amaitenga pamwamba, ndipo imakwera malinga ndi kuchuluka kwa ndalama. Ukaika K150,000 ndendende, sungatumize K150,000. Ine m'thumba munalibe ngakhale ya mandasi. Bambo wina kumbuyo anafuula kuti, "Achimwene, masamuwo mukachitire ku yunivesite konko, ife katundu akufota!" Mzere wonse unaseka.

Ejenti anati andithandize. "Tapani ndalamazo, nditumize ndine pa foni yanga." Mwayi wake ndinakana. Kutapa nakonso amadula, ndiye ndikanaluza kawiri. Choopsa kwambiri n'chakuti uthenga wotsimikizira, umene uli ndi Transaction ID, ukanakhala pa foni ya iyeyo. Umboni wako waukulu ndi umenewo. Pamapeto pake ndinatumiza K148,000, yotsalayo n'kudzaonjezera sabata yotsatira, n'kudulidwanso kachiwiri. Zimandiwawabe.

Panalinso china. Chifukwa cha phuma, pa Reference ndinalemba "fees" m'malo mwa nambala yanga ya ku sukulu. A ku ofesi ya zachuma amaona mzere wautali wa ndalama zolowa mu akaunti imodzi, ndipo chowauza kuti iyi ndi ya uje ndi nambalayo. Simu imene ndinagwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina la amayi, choncho panalibe chilichonse chosonyeza ine. Chizindikiro n'chakuti ndalama zachoka pa foni, koma ku sukulu ngongole yako sikutsika. Ndinachita kupita ndi foni kukawaonetsa uthenga uja. Ndikanaufufuta pofuna malo, kaya.

Mzere wa ku banki? Umadya m'mawa wonse sabata yotsegulira sukulu, kuphatikiza thiransipoti ndi mantha oyenda ndi ndalama mu minibasi. Koma umatuluka ndi silipi yodinda, ndipo wa pa kauntala amakubweza ukaiwala kulemba nambala. Amayi mpaka lero amakhulupirira pepala lokhalo, ndipo sindiwatsutsa.

Imene ndakhazikikapo ndi akaunti ya ku banki ya pa foni, monga Mo626 kwa amene ali ku National Bank. Dzina lotuluka ku sukulu ndi lako, ndipo uthenga ukasowa ukhoza kupempha sitetimenti. Vuto lake n'loti ndalama za mbatatesi sizibadwira mu akaunti, uyenerabe kupeza poziikira.

Ndiye amene muli pafupi ndi boma la Dedza kapena Ntcheu ndipo muli ndi akaunti, lipirani kudzera m'menemo. Amene muli ku Tsangano kapena pa Lizulu, ya ejenti ndi yabwinobe kuposa ulendo, bola muike ndi kena pamwamba mutafunsa kaye mtengo wotumizira, muone kuti dzina la akaunti limene latuluka ndi la sukulu musanalembe PIN, ndipo muchoke pa kawindo. Semesita ino ndinalipira nditakhala pa chitsa kuseri kwa chigayo, nambala zonse nditalemberatu pa dzanja.